📢 Chidziwitso kwa Makolo: Ana Aziweruka Msanga Kuyambira Lachitatu Mpaka Lachisanu

Makolo ndi onse olera ana, tikupatsani moni kuchokera kusukulu yathu ya pulayimale kuno ku Angonia.

🌦️ Sabata ino mvula ikumagwa masana kumapiri a Domwe, ndipo madzi ake akumafika pamtsinje wa kumunsi kwa sukulu dzuwa litapendeka, nthawi imene ana olowa masana amabwerera kwawo. Kusukulu kulibe vuto lililonse. Tangofuna kuti ana aziwoloka madzi asanafike, choncho tasintha nthawi kwa masiku atatu okha.

🕖 Olowa m'mawa: 07:00 mpaka 10:30
🕥 Olowa masana: 10:45 mpaka 14:00

🍠 Olowa masana sadzapeza nsima itapsa. Adye phala asananyamuke, ndipo muwapatseko mbatata kapena chimanga chophika ndi botolo la madzi akumwa.

🏠 Tikudziwa kuti ambiri mumakhala kumunda mpaka madzulo. Muuzeni mwana lero lomwe kumene akafikire akapeza pakhomo potseka, kaya kwa agogo, kaya kwa anansi. Mwana wosauzidwa amatsalira pabwalo la mpira kapena pamsika, n'kudzanyamuka pa nthawi yomwe ija tikuipewayi. Amene mumatuma wa njinga yamoto kudzatenga ana, muuzeninso nthawi yatsopanoyi.

🚶🏾 Ana a kutsidya adzatuluka pamodzi, aphunzitsi awiri n'kuwaperekeza mpaka powolokera. Tikupempha makolo awiri kapena atatu a kutsidyako kuti aziwachingamira cha m'ma 10:50 ndi 14:20. Pano pokha tilimbikire: kukhoza kukhala kowala kuno koma kumtunda itagwa kale. Madzi akafiira, akayamba kubwera ndi zinyalala ndi timitengo, kapena akafika m'mawondo mwa mwana wa kalasi yoyamba, palibe wowoloka, ngakhale wamkulu atati amubereka. Zikatero ana adzabwerera m'kalasi, aphunzitsi adzakhala nawo, ndipo tidzatumiza uthenga kwa anyakwawa kuti akudziwitseni. Chonde musamukalipire mwana wochedwa pa chifukwa chimenechi, chifukwa mawa lake adzayesa kuwoloka poopa inu.

🎒 Mabuku ndi makope aikidwe m'thumba la pulasitiki asanalowe m'chikwama. Buku likanyowa mapepala amamatirira, ndipo pofuna kuwamatula amang'ambika.

📚 Maphunziro onse aphunzitsidwa, tangofupikitsa nthawi ya phunziro lililonse. Ntchito yokachitira kunyumba ichulukirako pang'ono, muwapatse mpata ailembe kusanade.

✅ Lolemba tidzabwerera ku nthawi yathu ya masiku onse. Mvula ikapitirira, ana adzabwera ndi chidziwitso china Lachisanu. Amene muli ndi funso, ofesi imakhala yotsegula kuyambira 07:00 mpaka 14:30. Muwauzekonso anzanu amene alibe foni.

Zikomo kwambiri,
Mkulu wa sukulu pamodzi ndi komiti ya makolo