Agogo, nayi njira yojambulira zimene zili pa tabuleti yanu

Agogo, ndamva kuti mukufuna kuwatumizira a malume ndandanda wa mapemphero a sabata ino umene walembedwa pa gulu la amayi a mvano, ndipo palibe chifukwa choti muukopere pamanja, popeza tabuleti ija imatha kujambula chilichonse chimene chikuoneka pagalasi pake.

Choyamba tsegulani uthengawo kuti uzioneka wonse. Kenako papasani m'mphepete mwa tabuleti, mupeza mabatani awiri: lalifupi limene mumayatsira, ndi lalitali la mawu. Ikani chala chimodzi pa lalifupilo, china kumbali yochepetsera mawu ya lalitalilo, ndipo mudinize onse awiri nthawi imodzi kwa kamphindi, kenako muwasiye. Galasi lidzaphethira ngati mphezi ya kutali, ndipo kachithunzi kakang'ono kadzaonekera m'munsi. Likangoda, ndiye kuti chala cha batani loyatsira chinatsogola. Palibe chimene chawonongeka, yatsaninso muyesenso. Ineyo zinandikanika katatu tsiku loyamba, choncho musadziderere.

Potumiza, tsegulani WhatsApp, musankhe dzina la a malume, ndipo pafupi ndi pamene mumalembera uthenga mukhudze kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala. Sankhani mawu akuti Gallery, ndipo chithunzi chimene mwangojambula chidzakhala choyamba pamwamba. Chikhudzeni, kenako mukhudze kamuvi kobiriwira.

Chonde musajambule uthenga wokhala ndi nambala yachinsinsi ya ndalama, ngakhale wina atakupemphani mwaulemu chotani. Yambani mwanditumizira ine chithunzi chimodzi madzulo ano, ndidzakuyankhani ndikachiona.