Yankho la dandaulo lanu la simbi yamagetsi

Okondedwa Mayi,

Ndine woyang'anira sitolo imene munagulamo simbi yamagetsi pa 3 mwezi uno. Kalata yanu yandipeza dzulo madzulo, ndipo ndaiwerenga kawiri konse. Pepani kwambiri, Mayi. Pepani chifukwa cha simbiyo ndi yunifolomu ya mwana wanu, komanso chifukwa cha mmene tinakulandirirani mutabwera kudzadandaula.

Lachiwiri munalandira yankho lakuti: "Dandaulo lanu talilandira ndipo ndi lofunika kwa ife. Tikupepesa ngati pali vuto lililonse. Tidzakuyankhani pasanathe masiku 14 ogwira ntchito." Mawu amenewa ndi olemberatu, amapita kwa aliyense wodandaula, ndipo amene anawavomereza kuti azitumizidwa ndine ndemwe, choncho palibe wina woti ndimuloze chala. Chandichititsa manyazi kwambiri ndi kamawu kakuti "ngati". Inu munali mutatitumizira chithunzi cha malaya oyera atabooka pamsana, m'mphepete mwa bowolo muli bii, ife n'kumakufunsani ngati pali vuto. Vuto linalipo, ndipo linachokera m'sitolo mwathu.

Munalemba kuti mumasita usiku wa Lamlungu, mwana ali ndi mayeso m'mawa mwake, ndipo anapita kusukulu atavala malaya akale omuthina, akulira. Ndikukhulupirira kuti mayesowo analemba bwino ngakhale tsikulo linamuyambira moipa chonchi. Mundipepesereko kwa iye.

Lero m'mawa tatsitsa pashelefu simbi 9 zotsala za mtundu womwewo n'kuziyesa imodziimodzi. M'kati mwa simbi mumakhala kachipangizo kamene kamadula magetsi kutentha kukafika pamlingo umene mwasankha, ndipo n'chifukwa chake kanyali kake kamayaka n'kumazima posita. Pa simbi 9 zija, ziwiri kanyali sikanazime m'pang'ono pomwe, zimangotenthera tenthera ngakhale titatembenuzira pa nambala yotsikitsitsa. Yanuyo sitinaione, koma mmene mwafotokozeramu zikufanana ndendende. Simunalakwitse kasitidwe ayi, ndipo mawu aja munauzidwa pakauntala akuti mwina munaiwala simbi pamalaya sanayenere kutuluka pakamwa pathu. Zonse 9 tazibweza kwa amene amatipatsa katunduyu, ndipo tikuimbira ena amene anagula omwe tili ndi manambala awo. Chipanda kalata yanu, bwenzi zikugulitsidwabe.

Chonde, musaiyatsenso simbiyo, ngakhale kungofuna kuiyesa. Simbi yosadula magetsi ikhoza kuyambitsa moto.

Za lisiti musavutike nazo mtima. Mapepala a malisitiwa salembedwa ndi inki, amalembedwa ndi kutentha kwa makina, ndiye akakhala padzuwa kapena akamakhudzana ndi zinthu m'chikwama zilembo zimafufutika msanga. Mnyamata amene anakubwezani uja amatsatira lamulo limene ndinamupatsa ine, lakuti popanda lisiti lowerengeka asalandire katundu. Ndakhala naye pansi, ndipo lamulolo ndalisintha: lisiti likafufutika tizifufuza tokha m'kompyuta. Zanu ndazipeza kale, munalipira 11 koloko itangodutsa pang'ono.

Tsono sankhani chimene chikukomereni. Tikhoza kukubwezerani ndalama zanu zonse, kapena kukupatsani simbi ya mtundu wina imene tidzaiyese inu muli pomwepo mukuona. Malaya a mwanawo tilipira ife, mungotiuza mtengo wake, sitikufunsani umboni wina woposa chithunzi chija. Mwayenda kale maulendo awiri pachabe, ndiye sindikufuna kuti muyendenso wachitatu. Dalaivala wathu akhoza kufika kwanu Lachisanu masana kudzatenga simbi yowonongekayo n'kukusiyirani chimene mwasankha. Ngati Lachisanu muli ndi zina, tchulani tsiku lanu. Koma mukafuna kubwera nokha, mudzangonena pakhomo kuti mukufuna woyang'anira, ndidzatuluka ndine. Ndimakhalapo kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula Lamlungu.

Kumapeto kwa kalata yanu munati simudzapondanso m'sitolo mwathu. Sindikukuimbani mlandu, ndipo zimene ndalonjezazi tichita ndithu kaya mudzabweranso kaya ayi. Zaka 6 mwakhala mukugula kwa ife, ndipo tsiku limodzi lokha limene munafuna kuti tikumvereni tinakupatsani mawu olemberatu. Mawu amenewo tasiya kuwatumiza kuyambira lero.

Mukayankha kalata ino, yankho lanu lifika m'manja mwanga, silidutsira kwa wina aliyense. Ndikapanda kumva kuchokera kwa inu pofika Lachinayi masana, ndidzakuimbirani pa nambala imene munalemba pansi pa kalata yanu, pokhapokha mutandiuza kuti simukufuna kuimbiridwa.

Ine wanu,
Woyang'anira sitolo