Mafunso oyeserera mayeso a ukhondo, a ku khitchini nonse

Anzanga a ku khitchini, ma weta ndi inu otsuka mbale, mayeso a ukhondo aja alipo Lachisanu 7 koloko m'mawa tisanayatse moto. Ndakulemberani mafunso oyeserera, yankho lili pansi pa funso lililonse ndiye liphimbeni ndi chala kaye, musandinamize kuti munakhoza onse.

1. Sanjani bwino masitepe a kusamba m'manja awa: kupukuta, kupaka sopo, kunyowetsa manja, kutsukuluza, kutikita.

Yankho: nyowetsani ndi madzi oyenda, pakani sopo, tikitani mpaka thovu, tsukuluzani, pukutani ndi pepala lotaya. Mpopi mutseke ndi pepala lomwelo chifukwa munautsegula ndi manja akuda. Madzi akasiya wina akuthirireni ndi jagi kapena gwiritsani chidebe cha mpopi chija, zoviika manja tonse mu beseni limodzi ngati pa ukwati kuno ayi.

2. Kutikita ndi sopo kuzitenga nthawi yaitali bwanji?
A. masekondi 5
B. masekondi osachepera 20
C. mpaka manja aoneke oyera

Yankho ndi B. Ndipo 20 yo ndi yotikita yokha, osawerengera kutsegula mpopi. Zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, chala chachikulu, kunsi kwa zikhadabo mpaka pomangira wotchi. Chala chachikulu ndi chomwe ambirinu mumaiwala, ndimakuonani.

3. Zoona kapena zabodza: ukapaka sanitayiza kapena kuvala magolovesi palibe chifukwa chosambira m'manja.

Zabodza. Sanitayiza sagwira bwino pa manja a mafuta ndi magazi a nkhuku, komanso pali kachilombo kena kosanzitsa, dzina lake norovairasi, kamene sikafa msanga ndi sanitayiza, kamafuna sopo ndi madzi. Magolovesi nawo amada ngati dzanja lomwe, umasamba kaye usanavale ndipo ukasintha ntchito uvale ena.

4. Wamaliza kutumbula chambo, weta akukuwa kuti saladi ya tebulo 4 yachedwa. Utani?
A. upukute manja pa epuloni udule kabichi
B. utsukuluze ndi madzi okha popeza nthawi yatha
C. usambe ndi sopo, utenge mpeni ndi bolodi zina

C. Kasitomala adikire. Chambo chikalowa mu mafuta otentha majeremusi afa koma saladi sikhudza moto, zomwe zili m'manja mwako zikupita mkamwa mwa munthu momwemo. Nthawi zina zosamba: pofika pa ntchito, pochokera ku chimbudzi, ukamina kapena kuyetsemula, ukataya zinyalala, ukagwira ndalama, foni, tsitsi, ukachokera kosuta.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna muwerenge kawiri, la matenda.

5. Wadzuka ukutsegula m'mimba koma mphamvu uli nazo. Uchite chani?
A. umwe mankhwala oletsa ubwere, osauza munthu
B. ubwere koma uzingotsuka mbale
C. uimbe foni kwa ine usanayambe ulendo, ukhale kunyumba

C, ndipo B yo ndi msampha, mbale ndi makapu omwewo akupita pa tebulo. Mankhwala amaimitsa kuthamangira ku chimbudzi koma majeremusi akutulukabe. Ndikudziwa chomwe chimakubisitsani, mumaopa kudulidwa tsiku kapena kuti malo anu alowa wina, inenso ndinayambira kotsuka mapoto ndipo ndinabwerapo pa ntchito m'mimba mukuwira chifukwa lendi inali pafupi, ndiye sindikuweruza munthu. Koma ndakambirana ndi abwana ndipo avomera kuti amene wanena yekha kuti wadwala tsiku lake silidulidwa. Amene tidzamugwire akubisa ndi amene adzalandire kalata.

6. Wasanza komaliza Lolemba 10 koloko usiku, Lachiwiri wadzuka bwinobwino. Ubwerere liti?

Lamulo lathu ndi maola 48 chisiyireni kusanza kapena kutsegula m'mimba, kuwerengera pa komaliza osati pomwe zinayambira, ndipo zisiye zokha osati chifukwa cha mapiritsi oletsa aja. Maola 48 akukwana Lachitatu 10 koloko usiku, ndiye tionana Lachinayi m'mawa. Funso ili limagwetsa anthu chifukwa chowerengera masiku m'malo mwa maola.

7. Mwa izi ndi ziti zoyenera kundiuza?
A. maso achita chikasu
B. chithupsa kapena bala la mafinya pa dzanja
C. zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi
D. mwana kunyumba amupeza ndi kolera kapena tayifodi
E. zonsezi

E. Chikasu chikhoza kukhala matenda a chiwindi a hepataitisi A omwe amayenda ndi chakudya, ameneyo ndi wa kuchipatala ndipo sabwerera popanda kalata ya dokotala. D ambiri amati nanga wodwala si ine, koma ndiwe ukumusamalira, kuchapa zovala zake, ndiye tidziwe. Tonse tikukumbuka kolera uja anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse, anapha anthu oposa 1,700.

8. Zoona kapena zabodza: munthu wooneka wathanzi sangapatsire tayifodi.

Zabodza. Ena amachira koma kachilomboko kamatsalira mu ndulu nkumatuluka ndi chimbudzi kwa zaka. Ku New York kunali mayi wina wophika m'nyumba za anthu olemera, Mary Mallon, iyeyo sankamva kudwala koma komwe wagwirako anthu ankagwa ndi tayifodi mpaka anamugwira mu 1907. Nchifukwa chake timapita kukayezetsa kuti tipeze satifiketi ya zaumoyo ija ngakhale tikumva bwino, si kuti akhonsolo akungofuna kutivutitsa.

9. Wadzicheka pang'ono podula anyezi. Pulasitala wa mtundu wanji, ndipo chifukwa chani?

Tsuka bala, mata pulasitala wosalowa madzi wa buluu, valira golovesi pamwamba. Buluu chifukwa akagwera mu ndiwo aoneka msanga, wa khaki uja amasowa mu supu. Chakudya chomwe chadonthera magazi chitayidwe. Bala likachita mafinya nkhani yasintha, majeremusi a mmenemo amasiya poizoni mu chakudya yemwe satha ngakhale utenthetsenso.

10. Chololedwa pa mkono wa wophika ndi chiti?
A. wotchi
B. zikhadabo zomata ndi kyuteksi
C. mphete ya ukwati yosalala, yopanda mwala
D. chibangili

C basi. Azichemwali pepani, zikhadabo zikhale zazifupi zosapaka, zomatazo muzisungira holide. Tsitsi lonse mu neti kapena chipewa, mesh ndi wigi zomwe, achimwene a ndevu nanunso neti yanu ilipo mu kabati.

11. Epuloni uisiye kuti popita ku chimbudzi?

Pa msomali wa pakhomo la khitchini. Komanso yunifolomu muzivalira kuno, osati kukwera nayo minibasi kapena kabaza.

12. Kulawa supu koyenera ndi kuti?
A. kudonthezera pa chikhatho nkunyambita
B. supuni yoyera kamodzi, kenako ipite kotsuka
C. chipande chomwe ukutakasira

B. Ndikudziwa A ndi momwe amayi athu anatiphunzitsira ndipo kunyumba inenso ndimatero, koma kuno tikuphikira anthu 80.

Kukhoza ndi 10 pa 12, koma amene alakwe 5, 6 kapena 7 abwereza sabata ya mawa ngakhale ena onse akhoze. Mukamaliza kulemba aliyense adzasamba m'manja pa sinki ine ndili pambali ndi wotchi. Bwerani ndi bolopeni yanu, zanga zija munamaliza.