Kawerengedwe ka balansi shiti: phunziro la ophunzira za maakaunti a chaka choyamba

Mukalandira balansi shiti, yambani mwaona tsiku limene lalembedwa pamwamba. Pepalali limaonetsa mmene bizinesi inalili pa tsiku limodzi lokha, pomwe lipoti la phindu limafotokoza zimene zachitika chaka chonse. Onaninso ngati manambala alembedwa athunthu kapena m'masauzande, chifukwa 14,000 pansi pa chizindikiro cha K'000 ndi K14 miliyoni.

Maziko ake ndi amene mudzawapeze m'mabuku anu motere: Assets = Liabilities + Equity. Maaseti ndi chuma chimene bizinesi ili nacho m'manja, malayabilite ndi ngongole zimene iyenera kubweza, ndipo ekwite ndi gawo lotsalira mwini bizinesi ngongole zonse zikachotsedwa.

Tiyeni tione sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Lunzu, pa 31 Disembala 2024.

Maaseti okhalitsa: lole K18 miliyoni, mashelefu ndi makompyuta K2 miliyoni. Maaseti osinthika msanga: sitoko K14 miliyoni, ndalama zimene makasitomala sanalipire K5 miliyoni, ndalama za kubanki K1 miliyoni. Onse pamodzi K40 miliyoni.

Ngongole zobweza pasanathe miyezi 12: kwa amene amapereka simenti ndi malata K10 miliyoni, msonkho wa ku MRA K1 miliyoni, gawo la ngongole ya kubanki K3 miliyoni. Ngongole ya kubanki yobweza m'zaka zam'tsogolo K9 miliyoni. Zonse K23 miliyoni. Ekwite: mpamba K10 miliyoni, phindu losungidwa K7 miliyoni. Mukaphatikiza 23 ndi 17 mupeza 40.

Mbali ziwirizi zafanana, koma musafulumire kukondwa. Zimafanana chifukwa chinthu chilichonse chimalembedwa kawiri, ku debiti ndi ku kirediti, njira imene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lake mu 1494. Bizinesi imene yatsala pang'ono kutsekedwa nayonso balansi shiti yake imafanana bwinobwino. Ngakhale invoisi itaiwalika osalembedwa, kapena mtengo wokonzetsera lole utalembedwa ngati aseti, mbalizi zidzafananabe.

Funso lenileni ndi la nthawi: ndalama zilowa liti, ndipo zituluka liti? Gawani maaseti osinthika msanga ndi ngongole za m'miyezi 12: 20 ÷ 14 = 1.43. Zikuoneka ngati zili bwino. Tsopano chotsanipo sitoko, popeza malata a m'shelefu salipira msonkho mpaka atagulidwa: 6 ÷ 14 = 0.43. Pa kwacha iliyonse imene sitoloyi iyenera kubweza chaka chikubwerachi, ili ndi 43 tambala yokha yopezeka msanga, ndipo yambiri mwa iyo idakali m'matumba mwa makasitomala. Kumbukiraninso kuti Disembala ndi nthawi ya dzinja, pamene anthu ambiri amaimitsa zomanga n'kuika ndalama ku feteleza. Sitoko ya K14 miliyoniyo ingathe kukhala mpaka anthu atakolola, ndipo simenti ikakhalitsa pachinyezi imauma. Lamulo la maakaunti lotchedwa IAS 2 limanena kuti sitoko ilembedwe pa mtengo wotsika pakati pa umene inagulidwira ndi umene ingabweretse ikagulitsidwa, mutachotsa zolipira pogulitsapo. Matumba ouma sayenera kukhalabe m'mabuku pa mtengo wa matumba abwino.

Pa K3 miliyoni ya kubanki ija m'pamene ophunzira ambiri amatayira mamalikisi. Ngongole yonse ndi K12 miliyoni ya zaka zinayi, choncho amailemba yonse ku ngongole za nthawi yaitali. Mukatero yankho limasanduka 20 ÷ 11 = 1.82, ndipo sitolo imaoneka yamphamvu kuposa mmene ilili.

K18 miliyoni ya lole si mtengo wake pamsika. Inagulidwa K30 miliyoni, ndipo dipirisiyeshoni, ndiko kutsika kwa mtengo wake m'mabuku chifukwa chogwiritsidwa ntchito, imene yachotsedwa mpaka pano ndi K12 miliyoni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto inakwera, koma nambala ya m'mabuku imatsatabe mtengo wogulira pokhapokha bizinesi itasankha njira yowerengeranso mtengo.

Chimene tikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi: phindu losungidwa si ndalama zimene zili penapake. Mwini sitolo akaona K7 miliyoni angaganize kuti angaitape, chonsecho kubanki kuli K1 miliyoni yokha. Phindulo linalowa kale mu sitoko, mu lole ndi mu katundu amene makasitomala anatenga pangongole.

Balansi shiti yeniyeni imakhala ndi mzere wa chaka chatha pambali pa wa chaka chino, komanso manotsi ofotokoza nambala iliyonse. Ntchito yanu ya sabata ino: chaka chatha makasitomala a sitoloyi anali ndi ngongole ya K2 miliyoni, ndipo malonda sanakwere. Lembani zifukwa zitatu zimene zingafikitse ngongoleyo pa K5 miliyoni, ndipo pa chifukwa chilichonse mutchule chikalata chimene mungapemphe kuti mutsimikize.