Ntchemberezandonda m'chimanga: muidziwe kaye musanagule mankhwala

Chimanga chikangofika m'mawondo, m'magulu a WhatsApp mumadzaza zithunzi za masamba obooka, aliyense akufunsa kuti apopere chiyani. Musanathamangire kusitolo, kanulani nsonga ya chimangacho muone amene wakhalamo.

Mbozi imene ikutivutitsa masiku ano si ntchemberezandonda yakale ija yoyenda chigulu, yomwe inkaseseratu udzu ndi mbewu n'kudutsa. Iyi ndi yachilendo. Kwawo ndi ku Amereka, inaoneka koyamba kumadzulo kwa Afirika mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha iyo. Siidutsa ayi, imakhazikika m'nsonga n'kumadya mobisala.

Kuizindikira sikuvuta. Pamutu pake pali mzere woyera wonga chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Masamba amayamba ndi timawanga toonekera kuwala, kenako mabowo ong'ambika, ndipo m'nsonga mumadzaza ndowe zooneka ngati utuchi wonyowa. Mukaona utuchiwo, mwini wake ali pansi pomwepo.

Amene mumafufuza pa foni, lembani `fall armyworm maize Malawi`. Mukangolemba `armyworm` yekha, Google ikupatsani za mbozi yakale ija, kapena malangizo a anthu a ku Amereka odandaula za kapinga wa pakhomo pawo. Zithunzi zodalirika zimabwera mukalemba dzina lake la sayansi, `Spodoptera frugiperda`. Bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO lilinso ndi apu yotchedwa `FAMEWS` yothandiza kalondolondo wa mboziyi.

Koma foni siingakuyendereni m'munda. Lowanimo kawiri pa sabata, muyende mokhotakhota, muime malo asanu, paliponse muone mapesi khumi. Mazira amakhala pamodzi patsamba, nthawi zina opitirira 100, atakutidwa ndi timaubweya totuwa. Aphwanyeni ndi chala. Ntchito yotchipa kuposa imeneyi palibe, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha.

Pamunda waung'ono, kutsina dothi, mchenga kapena phulusa n'kuthira m'nsonga kumathandiza mbozi zikadali zazing'ono. Ena amathira msuzi wa bonya kuti nyerere zibwere kudzadya mbozizo, ena amanyika masamba a nimu kapena ombwe m'madzi n'kuthira madziwo pachimanga. Anzathu ena amaseka zimenezi, koma ine sindinyoza njira imene mlimi angaikwanitse lero lomwe, osadikira ndalama ya ganyu.

Zikafika pofuna mankhwala, funsani mlangizi wa m'dera lanu, ndipo muwerenge dzina la mankhwala enieni palebulo, monga `emamectin benzoate`, osangodalira dzina lalikulu la pabotolo. Zogulitsa m'timabotolo topanda lebulo pamsika zisiyeni. Poperani m'mamawa kapena madzulo pamene mbozi zatuluka kudzadya, mulunjike m'nsonga mwenimwenimo, mutavala zoteteza pakamwa ndi m'manja. Mbozi ikakula n'kulowa m'chisononkho, mankhwala sangaifikenso.