Mayankho a makasitomala a mpunga ndi nsinjiro

Mng'ono wanga, masiku amene ndapita ku Jali kokapikula mpunga foni izikhala ndi iwe. Mayankho ndi awa, uzingokopera. Wofunsa mtengo umuuze pomwepo, usamuuze kuti abwere kumbali. Munthu akamabisiridwa mtengo amaganiza kuti tikuyang'ana nkhope.

Akafunsa kuti "Zingati?"
Takulandirani. Mpunga wa Kilombero ndi K24,000 pa makilogalamu 5, wa Faya K20,000. Nsinjiro ndi K3,500 paketi. Mpunga ndi wopeta kale, wopanda miyala.

Akati tichotsereko
Pepani bwana, pa makilogalamu 5 sitichotsera. Mukatenga 25 tikuchotserani K5,000, kapena mugwirizane ndi anzanu, tidzakugawirani m'majumbo osiyana.

Akapempha ngongole
Pepani, ngongole sitipereka. Koma mukapereka theka tikusungirani katundu wanu mpaka malipiro atuluke.

(Yankho limeneli ndi la aliyense, ngakhale wachibale kapena wa kumpingo. Akakakamira, unene kuti adikire ine.)

Akafunsa komwe tili
Tili ku Chinamwali, mbali ya kumsika. Kuchokera kudepoti ya Zomba kwerani galimoto yolowera ku Songani, mutsikire pa Chinamwali n'kutiimbira, tidzakuchingamirani pamsewu. Timatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Lamulungu timatseka.

Akafuna kubweretseredwa muno mu Zomba
Timabweretsa pa kabaza wa njinga yamoto. Ku Matawale ndi K1,500. M'tauni, ku Chikanda ndi ku Mpondabwino ndi K2,500, ku Sadzi ndi ku Three Miles K3,500. Tiuzeni malo odziwika amene muli nawo pafupi, kaya sukulu, tchalitchi kapena chigayo, ndi dzina la wolandira katundu. Mukaitanitsa isanakwane 12 koloko masana, mulandira lero lomwe.

(Apa ndiye usamale kwambiri. Wakabaza asanyamuke kasitomala asanavomere mtengo wa ulendo molemba, chifukwa mkangano wa pageti umagwera mnyamata wosalakwa. Ophunzira a ku yunivesite uziwafunsanso nthawi imene atuluke m'kalasi. Mvula ikagwa, njira zolowa m'makwalala zimaterera, ndiye uwachenjeze msanga kuti katundu achedwa.)

A ku Blantyre ndi ku Liwonde
Timatumiza pa minibasi Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Ku Limbe ndi K5,000, ku Liwonde K4,000. Galimoto ikanyamuka tikutumizirani nambala yake ndi foni ya kondakitala, ndipo mukalandirira kudepoti.

Za kalipiridwe
Timalandira Airtel Money ndi TNM Mpamba. A kutali amalipira katundu asananyamuke. A muno mu Zomba mukhoza kulipira wakabaza akafika, mutaona kaye mpunga wanu.

Akati katundu sanafike
Pepani kwambiri chifukwa chokudikiritsani. Tikuimbira amene wanyamula katundu wanu pompano, ndipo tikuyankhani pasanathe mphindi 15. Katundu akasowa m'njira, tikutumizirani wina kapena tikubwezerani ndalama zonse.