Marani, maova ndi mawiketi: zoyamba kudziwa kwa ongoyamba kiriketi ku Mchinji

Kiriketi sayendera wotchi ngati mpira wamiyendo. Timu yomenya imapatsidwa zinthu ziwiri zomwe zimatha: mipira yowerengeka ndi mawiketi 10, kutanthauza omenya 10 oti atulutsidwe. Ntchito yake ndi kupeza marani ambiri chimodzi mwa ziwirizi chisanathe. Kenako matimu amasinthana, omwe amaponya aja nkuyamba kumenya kuti apitirire marani a anzawo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Oponya amalowa onse m'bwalo, koma omenya amalowa awiri okha, wina mbali ino wina mbali inayo.

Pakati pa bwalo pali kanjira kosalala kotalika mamita 20.12. Kumapeto kwake kulikonse kumazikidwa timitengo titatu, masitampu, totalika masentimita 71, ndipo pamwamba pake amasanjikapo timitengo tiwiri tating'ono, mabelo. Zonsezi pamodzi ndiye wiketi. Mamita 1.22 kutsogolo kwa masitampu kumalembedwa mzere. Kuseri kwa mzerewo ndi kwawo kwa womenya, kunja kwake ndi koopsa. Pabwalo lafumbi la pasukulu mzerewu lembani ndi laimu kapena phulusa, chifukwa wongokanda ndi kamtengo umafufutika msanga, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo.

Marani

Womenya akaumenya mpira, iye ndi mnzake amathamanga kusinthana malo. Onse awiri akafika kuseri kwa mzere, ndiye rani imodzi. Akabwereranso, awiri. Sakakamizidwa kuthamanga. Mpira ukalunjika kwa wotola amene ali pafupi, amangoima. Potembenuka kukatenga rani yachiwiri, bati lomenyera mpira kapena phazi ligunde pansi kuseri kwa mzere. Mukatembenukira panjira, ampaya, woweruza masewero, saiwerengera raniyo, mwangotopa chabe.

Mpira ukagubuduzika mpaka kukhudza malire a bwalo, ndi marani 4 popanda kuthamanga. Ukauluka nkukagwera kunja usanagunde pansi m'bwalo, ndi 6.

Palinso marani omwe timu imalandira bati lisanagwire ntchito. Woponya akaponya kutali moti womenya sangaufikire, imeneyo ndi waidi. Akaponya phazi lake lakutsogolo lonse litadutsa mzere, kapena mpira ukafika pamwamba pa chiuno cha womenya usanadumphe pansi, imeneyo ndi nobolo. Kugenda mowongola chigongono ngati mukugenda mango nakonso ndi nobolo, mkono uzungulire pamwamba uli wowongoka kale. Waidi ndi nobolo zimapatsa omenya rani imodzi, ndipo mpirawo umaponyedwanso. Mu T20, mtundu wa kiriketi wa masewero aafupi, mpira wotsatira nobolo womenya amaumenya mosaopa, chifukwa ngakhale awakhidwe kapena ugunde masitampu satuluka. Akhoza kutulukabe pothamanga. Mpira ukadutsa osakhudza bati, kapena ukagunda thupi la womenya pamene amayesa kuumenya, omenya athanso kuthamanga. Maraniwo amapita ku timu, salembedwa pa dzina la munthu.

Maova

Ova ndi mipira 6 yovomerezeka yoponyedwa ndi munthu mmodzi. Ikakwana, woponya wina amayamba kuchokera mbali inayo, ndipo munthu saloledwa kuponya maova awiri motsatizana. Mu T20 timu iliyonse ili ndi maova 20, kutanthauza mipira 120, ndipo woponya mmodzi sapitirira maova 4. M'masewero a maova 50 sapitirira 10. T20 ndiyo mudzaiona kawirikawiri kuno, ndipo ndiyo timu ya Malawi inasewera ndi Mozambique mu Novembala 2019. Amene mukhale ampaya, gwirani timiyala 6 m'dzanja, muziponyera kamodzi m'dzanja linalo mpira wovomerezeka ukaponyedwa. Pa waidi ndi nobolo musasunthe mwala.

Tiyerekeze kuti anyamata a ku Kamwendo akumenya, a ku Mkanda akuponya. Mpira woyamba womenya wangoutchinga. Wachiwiri athamanga rani imodzi, ndiye amene akuyang'anizana ndi woponya tsopano ndi mnzake uja. Wotsatira ndi waidi, rani imodzi, mwala osasuntha. Wachitatu wagubuduzika kukafika kumalire, 4. Wachinayi athamanga awiri, womenya wabwerera pamalo pake. Wachisanu wagwetsa masitampu, watuluka, kwalowa wina. Wachisanu ndi chimodzi wagunda ntchafu ya watsopanoyo nkuthawira pambali, athamanga imodzi. Woponya waponya ka 7, koma ova ndi imodzi, marani 9, wiketi imodzi. Ndipo onani, watsopano uja wathamangira mbali yomwe ova yotsatira ikalunjike, choncho mpira woyamba aumenyanso ndi iyeyo. Omenya ochenjera amachita dala zimenezi pofuna kuteteza mnzawo wofooka.

Mawiketi

Womenya akatuluka timati wiketi yagwa, ngakhale masitampu ali chiimire. Watuluka sabwereranso. Akatuluka 10, wa nambala 11 amatsala wopanda mnzake wothamanga naye, ndipo timuyo yamaliza ngakhale maova atatsala.

Njira zofala zotulukira ndi zisanu. Mpira wa woponya ukagunda masitampu belo nkugwa. Mpira wochoka pa bati ukawakhidwa usanagunde pansi. Pothamanga, otola akagwetsa mabelo ndi mpira inu musanafike kuseri kwa mzere. Womenya akatuluka pamzere kutsatira mpira nkuuphonya, wogwira wa kumbuyo kwa masitampu nkugwetsa mabelo. Yachisanu ndi LBW: mpira wagunda mwendo kapena thupi pamene ukanagunda masitampu. Iyi ndiyo imautsa phokoso. Ngati mpira unayamba wakhudza bati, kapena unadumphira kunja kwa sitampu ya mbali ya miyendo ya womenya, satuluka. Ogamula ndi ampaya, ndipo amagamula oponya akapempha. Akakweza chala chimodzi, nyamukani.

Ongoyamba ambiri amataya wiketi pothamanga, osati chifukwa woponya ndi katswiri. Wina amanyamuka osauza mnzake, onse nkupezeka mbali imodzi. Fuulani mawu amodzi omveka, "tiye", "ayi" kapena "dikira". Pofika, tambasulani mkono bati likwekwerezeke pansi. Bati lili m'malere silikuthandizani ngakhale litadutsa mzere, ndipo kuponda pamzere penipeni si kufika.

Kuwerenga bolodi

Tinene kuti a ku Kamwendo amaliza ndi 130. A ku Mkanda akufunika 131. Pabolodi kapena pa TV mwaona izi:

```
87/3 (12.4)
```

Ndiye kuti apeza marani 87, atuluka atatu, ndipo aponyedwa maova 12 ndi mipira 4. Kadonthoko si ka masamu a kusukulu. Ikachoka pa 12.5 imapita pa 13, kulibe 12.7. Powerengera, sandutsani zonse kukhala mipira: 12 kuchulukitsa ndi 6, kuwonjezerapo 4, ndi 76. Pa 120 patsala 44, ndipo marani ofunika ndi 44. Rani imodzi pa mpira uliwonse ikukwanira, mawiketi 7 adakalipo, palibe chifukwa chomenyera m'mwamba mwachisawawa. Bolodi likanati 87/8, nkhani ikanakhala ina, chifukwa zolakwa ziwiri zokha zikanathetsa masewero mipira yambiri isanagwiritsidwe ntchito.

A ku Mkanda akafika 131 atatuluka 6, timati apambana ndi mawiketi 4, omwe anawatsalira, ndipo masewero amathera pomwepo. Akathera pa 118, kaya atuluka onse kaya maova atha, a ku Kamwendo apambana ndi marani 12. Akathera pa 130 ndendende afanana, ndipo m'mipikisano yambiri ya T20 timu iliyonse imapatsidwa ova imodzi yowonjezera kuti wopambana adziwike.